Matabwa ndi maola zonse zikaperewera: mabedi angati, zitseko zingati?

Funso: Zikomo akatswiri. Ndimasunga mabuku pa shopu ya ukalipentala ya amalume anga ku Ndirande, ndipo madzulo ndikuphunzira akaunti. Bedi limatidyera matabwa 6 ndi maola 8, timagulitsa K200,000. Chitseko chimadya matabwa 3 ndi maola 10, timagulitsa K135,000. Thabwa tikugula K12,000, mmisiri timamulipira K3,000 pa ola, ndipo misomali, guluu, vanishi ndi zina zimatenga K44,000 pa bedi ndi K19,000 pa chitseko. Mwezi wamawa tapeza matabwa 270 okha ndi maola 480 a amisiri atatu. Ndikawerengera potengera matabwa zikundiuza zitseko, ndikatengera maola zikundiuza mabedi. Amalume akuti mabedi okhaokha poti ndiwo a ndalama. Nditani?

Yankho: Achimwene, simunalakwitse masamu. Njira yomwe mwayesayo, yoyang'ana chinthu chimene chikubweretsa ndalama zambiri pa thabwa limodzi kapena pa ola limodzi, imagwira pokhapokha choperewera chikakhala chimodzi. Zikakhala ziwiri, ndipo chilichonse chikuloza kwake, njirayo yafika pamapeto ake. Apa mpofunika pepala la galafu, lula ndi pensulo yosongoka. Ndikuuziretu kuti yankho ndi mabedi 35 ndi zitseko 20, koma manambala amenewa akhala a mwezi umodzi wokha. Chokuthandizani miyezi inayo ndi kudziwa kumene achokera.

Tiyambe ndi ndalama imene tikufuna kuchulukitsa. Si mtengo wogulitsira, komanso si phindu la pa chinthu chimodzi mutagawira lendi ndi magetsi. Ndi imene a akaunti amati kontribushoni: mtengo wogulitsira, kuchotsapo zokhazo zimene zimalowa chifukwa mwapanga chinthu chimodzicho. Pa bedi, matabwa ndi K72,000, mmisiri K24,000, zina K44,000, pamodzi K140,000, ndiye patsala K60,000. Pa chitseko, matabwa K36,000, mmisiri K30,000, zina K19,000, pamodzi K85,000, patsala K50,000. Lendi ya shopu, malipiro a mlonda ndi laisensi ya khonsolo musazilowetsemo. Zimenezo mulipira ngakhale mutatseka shopu mwezi wonse, choncho sizingasinthe kuti chabwino kupanga nchiti. Mudzazichotsa kumapeto, pa ndalama yonse.

Pamenepa pali malo amodzi ofunika kusamala. Ndachotsa malipiro a amisiri chifukwa mwati mumawalipira pa ola. Akanakhala pa malipiro a mwezi, olandira chimodzimodzi kaya agwira kaya angokhala, ndalama yawo ikanapita mbali ya lendi, ndipo bedi likanatsala ndi K84,000, chitseko K80,000. Maola awo akanakhalabe operewera, koma manambala olowa m'masamu akanasintha.

Tsopano tilembe nkhani yonse mwachidule. Chiwerengero cha mabedi tichitche x, cha zitseko y, kontribushoni yonse C.

```
C = 60,000x + 50,000y
6x + 3y ≤ 270
8x + 10y ≤ 480
x ≥ 0, y ≥ 0
```

Mzere woyamba ndi chimene tikufuna chikule. Wachiwiri ukuti matabwa olowa m'mabedi ndi m'zitseko asapitirire 270, wachitatu ukunena chimodzimodzi pa maola. Womalizawo ungaoneke woseketsa, koma pa mayeso umakhala ndi malikisi ake, ndipo ndi umene umatsekera galafu kumanzere ndi kumunsi. Cholakwika chofala apa ndi kulemba mzere umodzi pa katundu aliyense, monga kusonkhanitsa matabwa 6 ndi maola 8 a bedi mu mzere umodzi. Ayi. Mzere uliwonse ndi wa choperewera chimodzi, ndipo manambala onse a mumzeremo akhale a muyeso umodzi: matabwa okhaokha, kapena maola okhaokha. Ngati ntchito ina mwaiyeza m'maminitsi, isandutseni maola musanalembe.

Pa pepala, mzere wogona ukhale wa mabedi kuyambira 0 mpaka 60, woimirira ukhale wa zitseko kuyambira 0 mpaka 90. Sentimita imodzi ikaimira zinthu zisanu, galafu ikwana bwino pa tsamba limodzi. Kuti mujambule mzere wa matabwa, dzifunseni mafunso awiri. Matabwa onse atapita ku mabedi, angatuluke angati? 270 kugawa ndi 6, mabedi 45. Onse atapita ku zitseko? 270 kugawa ndi 3, zitseko 90. Ikani kadontho pa 45 pa mzere wogona, kena pa 90 pa woimirira, lumikizani ndi lula. Chitani chimodzimodzi ndi maola: 480 kugawa ndi 8 ndi mabedi 60, kugawa ndi 10 ndi zitseko 48. Lembani dzina pa mzere uliwonse pomwepo, chifukwa mizere ikafika inayi kapena isanu munthu amasokonezeka.

Malo aliwonse pa pepalapo ndi pulani ya mwezi: mabedi akuti, zitseko zakuti. Malo a kunsi kwa mzere wa matabwa ndi mapulani amene matabwa angakwanire, a kunsi kwa mzere wa maola ndi amene amisiri angakwanitse. Inu mukufuna pamene zonse ziwiri zikuvomera, ndiko kuti kunsi kwa mizere yonse iwiri nthawi imodzi. Detsani malo amenewo ndi pensulo. Limeneli ndi dera la zotheka, ndipo lili ndi makona anayi: pa ziro, pa mabedi 45 opanda chitseko, podutsana mizere iwiri ija, ndi pa zitseko 48 zopanda bedi. Onani kuti 60 ndi 90 zija zatsala kunja. Mabedi 60 maola alola koma matabwa akana, zitseko 90 matabwa alola koma maola akana. Ophunzira ambiri amaziwerengera ngati makona, nkupeza ndalama yaikulu yochokera pa pulani yosatheka.

Podutsana paja musamawerenge ndi maso okha. Kukula kwa nsonga ya pensulo nkokwanira kukusocheretsani ndi bedi limodzi kapena awiri. Galafu ingokuuzani mizere iti imene yadutsana, nambala yeniyeni muipeze ndi masamu.

```
6x + 3y = 270   →   y = 90 − 2x
8x + 10(90 − 2x) = 480
900 − 12x = 480
x = 35,  y = 20
```

Bwererani mukatsimikize. Mabedi 35 adya matabwa 210, zitseko 20 zidya 60, pamodzi 270. Maola ndi 280 kuphatikiza 200, akwana 480. Palibe chotsala ku mbali zonse ziwiri.

Kona yabwino ndi iti? Njira yachidule ndi kuwerengera ndalama pa kona iliyonse. Pulani ya amalume, mabedi 45, ibweretsa K2,700,000. Zitseko 48 zokha zibweretsa K2,400,000. Mabedi 35 ndi zitseko 20 abweretsa K2,100,000 kuphatikiza K1,000,000, yomwe ndi K3,100,000. Ndiye pulani yosakanizayi ikuposa ya amalume ndi K400,000 pa mwezi, ndi matabwa omwewo, amisiri omwewo.

Njira ina, imene oyesa mayeso amakonda kuiona pa galafu, ndi ya mzere wa ndalama. Sankhani ndalama iliyonse yogawika bwino ndi 60,000 komanso 50,000, tinene K1,500,000. Ndalama imeneyi mungaipeze ndi mabedi 25 okha kapena zitseko 30 zokha. Lumikizani 25 pa mzere wogona ndi 30 pa woimirira, mzere wake ukhale wamadontho kuti usafanane ndi inayo. Pulani iliyonse yokhala pa mzerewu ikupatsani K1,500,000 yomweyo. Kenako gonekani lula pa mzerewo nkumaikankha pang'onopang'ono kutalikirana ndi ziro, osasintha kupendekeka kwake. Mukatsamiritsa lula ku sikweya nkumaitsetsereza, siipotoka. Pamene lula ikusuntha, ndalama ikukwera. Malo omaliza a dera lodetsedwa amene lula ikhudze isanatulukiretu ndiwo yankho, ndipo kwa inu ndi podutsana paja. Apa mpamene munthu amaona ndi maso chifukwa chimene yankho limakhalira pa kona: lula yowongoka ikamatuluka m'dera la mbali zowongoka, imatsazikira pa nsonga. Ikapendekeka mofanana ndendende ndi mbali ina ya deralo, imatsazikira pa mbali yonseyo, ndipo mapulani onse a pambaliyo amabweretsa ndalama yofanana.

Musazolowere kuganiza kuti podutsana mizere mpomwe pamakhala yankho nthawi zonse. Pano zangochitika chifukwa cha mitengo yanu. Mitengo ina ikanakankhira lula ku kona ina, monga tionere kumapetoku.

Amalume mwina sangakhale pansi kuyang'ana galafu, choncho nayi njira yowafotokozera ali chiimire pa benchi. Mabedi 45 amaliza matabwa onse koma adya maola 360 okha. Maola 120 amisiri akhala akusewera bawo. Tsopano chotsanipo bedi limodzi. Matabwa ake 6 akwana zitseko ziwiri. Mwataya K60,000, mwapeza K100,000, mwawina K40,000. Pa maola, bedi labweza 8, zitseko ziwiri zatenga 20, ndiye kusinthaku kwadya maola 12 pa ongokhala aja. Maola 120 akulolani kusintha chonchi kakhumi: mabedi atsika kuchoka pa 45 kufika pa 35, zitseko zakwera kufika pa 20, ndipo K40,000 kakhumi ndi K400,000 ija. Mukafuna kupitirira apo, maola ongokhala atha, ndiye chitseko chilichonse chatsopano chiyenera kulanda maola kwa mabedi. Kuti mupeze maola 40 a zitseko zinayi muchotsa mabedi asanu, kutaya K300,000 pofuna K200,000. Nchifukwa chake muyenera kuima pa 35 ndi 20.

Galafu yomweyi imayankhanso funso limene eni mashopu amalifunitsitsa kuposa loyambalo: wina akabwera ndi matabwa ena pa mtengo wokwera, tigule? Matabwa a paini a ku Chikangawa sapezeka monga kale, ndipo wogulitsa akadziwa kuti mwapanikizika amakweza. Yerekezani kuti mwapeza matabwa 18 owonjezera, akhala 288. Mzere wa matabwa usunthira kumanja, podutsana pasamukira pa mabedi 40 ndi zitseko 16. Ndalama ikhala K2,400,000 kuphatikiza K800,000, yomwe ndi K3,200,000. Matabwa 18 awonjezera K100,000, ndiye thabwa lililonse lawonjezera pafupifupi K5,556. Umenewu ndi mtengo wobisika wa thabwa. Ndasankha 18 kuti manambala atuluke athunthu. Pa mayeso amawonjezera limodzi lokha, koma yankho ndi lomwelo.

Pano anthu amapunthwa kwambiri. K5,556 si mtengo wogulira thabwa, ndi ndalama imene mungawonjezere pamwamba pa mtengo wa masiku onse. K12,000 ija tinaichotsa kale powerengera kontribushoni. Choncho thabwa lowonjezera mungalilipire mpaka K17,556 osaluza. Wina akakupatsani pa K15,000, tengani, mukutsala ndi K2,556 pa lililonse. Akati K19,000, msiyeni, ngakhale shopu ikuoneka ngati ili ndi njala ya matabwa. Ndipo mtengowu uli ndi polekezera. Thabwa lililonse latsopano likukankhira pulani ku mabedi, zitseko zikuchepa. Matabwa akafika 360, zitseko zatha, maola onse 480 ali pa mabedi 60, ndipo thabwa la 361 lingokhala pa mulu.

Maola nawo ali ndi mtengo wawo wobisika. Onjezani maola 12, akhale 492, matabwa akhale 270 omwewo. Podutsana pafika pa mabedi 34 ndi zitseko 22, ndalama K3,140,000. K40,000 pa maola 12 ndi K3,333 pa ola. Ndiye ola lowonjezera mungalilipire mpaka K6,333. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limati ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe kamodzi ndi theka, ya tsiku lopuma kapena la tchuthi kawiri. Kwa inu ndi K4,500 ndi K6,000. Ya madzulo a tsiku wamba ikupindulitsani bwino ndithu. Ya Lamulungu ikusiyirani K333 pa ola, ndipo mmisiri wotopa akangowononga thabwa limodzi, phindu la sabata zingapo lapita. Ine ya Lamulunguyo sindingaivomereze, pokhapokha pali kasitomala wofunika kumusunga.

Pali njira yachangu yodziwira ngati mitengo yobisikayi mwaipeza bwino. Chulukitsani uliwonse ndi kuchuluka kwa chinthu chake nkuphatikiza: matabwa 270 pa K5,556 ndi pafupifupi K1,500,000, maola 480 pa K3,333 ndi pafupifupi K1,600,000. Pamodzi K3,100,000, ndalama ya pa kona ija. Zikapanda kufanana, penapake paphonyeka.

Tsopano zimene pepala silidziwa pokhapokha mutaliuza. Choyamba ndi msika. Masamu athu akuyesa kuti bedi lililonse ndi chitseko chilichonse chigulidwa pa mtengo wake. Ngati mabuku anu akuonetsa kuti mabedi sapitirira 30 pa mwezi, jambulani mzere wachitatu woimirira pa 30, ndiko kuti `x ≤ 30`. Mzerewu udula nsonga ija ya 35 ndi 20, nkuisiya kunja. Kona yatsopano ikhala pamene mzere wa 30 wakumana ndi wa maola: mabedi 30 adya maola 240, otsala 240 apanga zitseko 24. Ndalama ndi K3,000,000. Matabwa olowa ndi 252, ndiye 18 atsala. Taonani chimene chachitika: thabwa lomwe lija timati lingagulidwe mpaka K17,556, tsopano mtengo wake wobisika ndi ziro, chifukwa muli nawo kale ongokhala. Chinthu chotsala sichikhala ndi mtengo wobisika. Munthu amene sanajambule mzere wa msika akhoza kukagula matabwa odula nkudzaza shopu ndi mabedi opanda mwini. Ngati muli ndi oda imene munalandira kale dipoziti, tinene zitseko 25, imeneyonso ndi mzere, koma wake dera la zotheka limakhala kumtunda kwake, `y ≥ 25`.

Chachiwiri ndi manambala 270 ndi 480 eni akewo. Mu mulu wa matabwa simulephera kupezeka opindika, ong'aluka ndi amfundo zambiri, ndipo aawisi amafuna kuuma kaye. Maola 480 ndi a amisiri atatu ogwira maola 160 aliyense, koma magetsi akazima makina opalira aima, maliro akagwa mmisiri achoka masiku awiri, kunola zida ndi kutsitsa matabwa nazo zimadya nthawi. Lowetsani matabwa ogwiritsika ndi maola ogwirika, osati a pa lisiti. Komanso ngati mwa amisiri atatuwo mmodzi yekha ndiye amatha kulumikiza zitseko zamapanelo, maola 480 si mulu umodzi. Maola a mmisiri ameneyo akufunika mzere wawo.

Tinene kuti mwasankha matabwa 270 aja nkupeza kuti 30 ndi otayika, abwino ndi 240. Podutsana pabwera pa mabedi 26.67 ndi zitseko 26.67. Apa dzanja limathamangira kulemba 27 ndi 27, koma pulani imeneyo ikufuna matabwa 243 ndi maola 486, yatuluka kunja kwa dera mbali zonse ziwiri. Yesani manambala athunthu oyandikana ndi konayo amene ali mkati. Mabedi 26 ndi zitseko 27 afuna matabwa 237 ndi maola 478, abweretsa K2,910,000. Mabedi 27 ndi zitseko 26 afuna matabwa 240 ndi maola 476, abweretsa K2,920,000. Mabedi 25 ndi zitseko 28 abweretsa K2,900,000. Wachiwiriyo ndiye wopambana. Pa shopu yogwira mwezi ndi mwezi, bedi losatha limangomalizidwa mwezi winawo, choncho zidutswazi sizidetsa nkhawa kwenikweni. Zimavuta pa ntchito ya kamodzi, monga tenda.

Mukadzawonjezera katundu wachitatu, monga matebulo, pepala lathyathyathya silingamunyamule, chifukwa lili ndi mbali ziwiri zokha. Zoperewera zingachuluke bwanji galafu imalola, koma katundu akhale awiri. Kupitirira apo pamafunika njira ya simpulekisi imene George Dantzig anaipeza mu 1947, ndipo masiku ano Solver ya mu Excel imaichita mukangoilembera mizere yomweyi. Nkhani yonseyi, mwa njira ina, inayambira ku matabwa komweko: Leonid Kantorovich, katswiri wa masamu wa ku Leningrad, anaifalitsa mu 1939 atafunsidwa ndi a mafakitale a pulaiwudi mmene angagawire ntchito pa makina awo.

Chotsala ndi kudziwa kuti mitengo ingasinthe mpaka pati musanajambulenso. Yankho likhala pa 35 ndi 20 malinga ngati lula ya ndalama yapendekeka pakati pa mizere iwiri ija. Pa matabwa, bedi limodzi ndi zitseko ziwiri. Pa maola, bedi limodzi ndi 0.8 ya chitseko, poti 8 kugawa ndi 10. Ndiye kontribushoni ya bedi iyenera kukhala pakati pa 0.8 ndi 2 kuchulukitsa ya chitseko. Chitseko chikakhala pa K50,000, bedi lingayende kuchokera pa K40,000 mpaka K100,000 pulani osasintha; ndalama yonse isintha, koma chiwerengero cha mabedi ndi zitseko ayi. Likatsika kunsi kwa K40,000, lula itsazikira pa zitseko 48. Likadutsa K100,000, itsazikira pa mabedi 45. Kutanthauza kuti amalume adzakhala olondola tsiku limene bedi lidzagulidwe pa mtengo woposa K240,000, zolowa zake zili pa K140,000 pomwepo ndipo chitseko sichinakwere. Koma mtengo wa thabwa ukasintha, musangokonza bedi lokha: K1,000 yokwera pa thabwa imachotsa K6,000 pa bedi ndi K3,000 pa chitseko, ndiye werengeraninso zonse ziwiri musanagoneke lula.